Laputopu ikuyaka koma sikirini yakuda bii, asayimenti ndi mawa

Funso: Bambo amisiri, ndine wophunzira ndipo asayimenti ndiyenera kupereka mawa m'mawa. Madzulo ndinangotseka laputopu n'kuiika m'chikwama ili bwinobwino. Usiku uno ndikadina batani, kanyali kakuyaka, fani ikumveka, koma sikirini ndi yakuda bii. Fayilo ili momwemo, ndilibenso kwina. Mnzanga akuti tiikemo Windows wina. Nditani?

Yankho: Mnzanuyo mumuthokoze, koma asaigwire. Kuika Windows wina kungafufute fayilo yomwe mukuilirayo, chonsecho vuto lingakhale kuti silili komweko n'komwe. Usiku uno chofunika ndi fayilo, makinawo angadikire. Choncho tengani kaye foni, mulowe mu OneDrive, malo a Microsoft osungira mafayilo pa intaneti, kapena imelo yanu. Makompyuta ambiri a Windows amasunga okha zimene zili pa desikitopu ku OneDrive mwiniwake osadziwa. Ikapezeka uko, bwerekani kompyuta mumalize ntchito.

Ikasowa, bwererani ku laputopu. Kanyali ndi fani zikusonyeza kuti moto ukulowa, ndiye tchaja si woyamba kumukayikira. Chimene ndikuganizira kwambiri n'chakuti munaitseka osaizimitsa. Ikatero imangogona, ndipo nthawi zina imakanika kudzuka, makamaka ngati inatentha m'chikwama kapena batire linatheratu ili mtulo. Zulani tchaja, fulashi, mausi ndi china chilichonse cholumikizidwa. Ngati batire ndi lochotseka, lichotseni. Kenako dinani batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 30, ngakhale kanyali kazime msanga. Izi zimaizimitsa kotheratu n'kutaya kamoto kotsalira pa bolodi. Lumikizani tchaja yekha, muyatse, ndipo mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu musanaweruze.

Ikakhalabe yakuda, dinani Caps Lock kangapo muone ngati kanyali kake kakuyaka n'kuzima. Kakamatero, ndiye kuti makina ali moyo, chabisika ndi chithunzi chokha. Dinani pamodzi mabatani awa:

```
Win + Ctrl + Shift + B
```

Amadzutsanso pulogalamu yoyendetsa chithunzi, ndipo Windows akakhala kuti akugwira ntchito mumamva kakulira kamodzi. Zikakanika, zimitsani magetsi m'chipinda, muwalitse tochi ya foni pafupi ndi sikirini chopendeketsa. Mukaona zithunzi mwachizimezime, chafa ndi nyali younikira kuseri kwa sikirini kapena kawaya kodutsa pahinji. Zimenezo si zokonza usiku, koma sizikuletsani ntchito: lumikizani laputopu ku wailesi yakanema ndi chingwe cha HDMI, musankhe khomo loyenera pa rimoti, mulembe poyang'ana pamenepo. Ndipo chinthu choyamba, musanakonze ngakhale chiganizo chimodzi, koperani fayilo pa fulashi.

Caps Lock akapanda kuyankha, makina akuima asanafike n'komwe pa Windows, ndipo kawirikawiri wolakwa amakhala ramu, kachipangizo kosunga kwakanthawi zimene makina akugwiritsa ntchito. Mtsikana wina anabwera ndi laputopu yotere. Fani inkazungulira, sikirini zii, kanyali ka Caps Lock kakuphethira mobwerezabwereza mwa dongosolo limodzi. Kuphethira koteroko ndi njira imene makina ena amanenera chimene chavuta, ndipo tanthauzo lake limasiyana malinga ndi kampani. Chikwama chake chinali chitagwa pang'ono dzulo lake. Titazimitsa, kuzula tchaja ndi kumasula batire, tinatsegula pansi, tinakankhira kumbali tizitsulo tiwiri togwira ramu, tinaitulutsa n'kuibwezera mopendeketsa mpaka inalira kuti "thi". Inali ndi ramu ziwiri, choncho tinayesa imodziimodzi. Ndi yoyamba inayaka. Ndi yachiwiri inadanso. Anamaliza asayimenti ndi ramu imodzi, pang'onopang'ono koma bwinobwino. Izi muyese pokhapokha ngati muli ndi sikuludiraiva yoyenera ndipo chivundikiro chikutseguka mosakakamiza. Malaputopu ambiri opyapyala ramu yake ndi yowotcherera pa bolodi, palibe chozula.

Zonsezi zikakanika, fayilo sinafe. Imakhala pa disiki, ndipo sikirini yakuda siikhudza disikiyo. Mmisiri amaichotsa, n'kuiika m'kabokosi kolumikiza pa USB, n'kukopera pa kompyuta ina m'mphindi zochepa, bola isakhale yowotcherera nayonso. Chopinga china ndi BitLocker: disiki ikakhala yokhomedwa, idzafuna nambala ya manambala 48. Ifufuzeni usiku womwe uno pa foni, pa `account.microsoft.com/devices/recoverykey`, kapena kwa oyang'anira makompyuta a sukulu ngati munkalowa ndi akaunti ya sukulu.

Jambulaninso kavidiyo ka laputopuyo ikukana, mutumize uthenga kwa aphunzitsi tsopano lino, nthawi yopereka isanakwane. Mukapita kwa mmisiri m'mawa, mawu oyamba akhale akuti asafufute kalikonse pa disiki.