Kutseka mabowo a zii pamene mwadula mawu ojambulidwa

"Zikomo achimwene. Ndimakonza pologalamu ya amayi pa wailesi ya m'dera, ndipo ndimagwiritsa ntchito Audacity pokonza mawu pa kompyuta. Ndinacheza ndi agogo ena kunyumba kwawo, koma nditachotsa pomwe anatsokomola ndi pomwe anabwereza mawu, paliponse pamene ndadula pakumveka ngati wailesi yazima n'kuyakanso, ndipo pena pakumveka kuti 'tha!' Kodi ndalakwitsa pati?" Atero mayi wina wa ku Chinamwali m'kalata yawo.

Zikomo mayi. Mavuto ndi awiri, ndipo lililonse lili ndi gwero lake. Ndiyamba ndi la kuzima ndi kuyakalo, chifukwa ndilo limene limavutitsa anthu ambiri.

Palibe chipinda chimene chimakhala zii weniweni. Ngakhale aliyense atatseka pakamwa, maikolofoni imamvabe malata akuthetheka ndi dzuwa, njinga zamoto za kabaza zikudutsa kumsewu, mphepo yotsika kuphiri, komanso kaphokoso ka makina ojambulira eni akewo. Zonsezi pamodzi ndi zimene akatswiri amazitcha rumu toni, koma ine ndimakonda kuzitcha mpweya wa chipinda. Khutu la womvera limazolowera mpweyawu m'masekondi oyambirira n'kusiya kuulabadira, koma ukangosowa mwadzidzidzi limadzidzimuka, monga mmene munthu amadzidzimukira chigayo cha pafupi chikasiya kulira, pamene tsiku lonse sanali kuchimva n'komwe. Ndikuganiza kuti pochotsa chifuwa cha agogowo munadina `Ctrl+L`, kapena munasiya mpata pakati pa zidutswa ziwiri. Njira zonse ziwirizi zimaika zii wa kompyuta, wopanda kalikonse mkati, ndipo ndi ameneyo akumveka ngati wailesi yazima.

Mankhwala ake ndi kuika mpweya wa chipinda chomwecho pa bowolo. Ulendo wina mukamaliza kucheza ndi munthu, musafulumire kuzimitsa rekoda. Apempheni onse amene ali m'nyumbamo kuti akhale chete osasuntha kwa masekondi 30 kapena mphindi imodzi, maikolofoni ili pamalo pomwe inali, italoza komwe inaloza, mphamvu yojambulira osaisintha. Anthu amaseka poyamba, makamaka ana, choncho ine ndimayamba kuwerenga masekondiwo kuseka kukatha. Musawatulutse anthuwo kuti mujambule chipinda chopanda munthu, chifukwa matupi ndi zovala zimameza mawu, ndipo chipinda chimamveka mosiyana akachoka.

Poti za agogozo zinajambulidwa kale, kubwerera ku nyumbako sikungathandize kwenikweni, popeza mpweya wa mmawa si wa madzulo, ndipo wa tsiku la mvula si wa tsiku la dzuwa. Tsegulani fayilo yoyamba imene simunaidule, mufunefune malo amene agogowo anakhala chete akuganizira yankho. Ngakhale sekondi imodzi ndi theka ndi yokwanira kuyambirapo, bola musakhale kupuma, kumeza malovu kapena kusuntha kwa mpando mkati mwake. Mukafuna kuti katalike, kakopereni kawiri, kachiwiriko mukatembenuze ndi `Reverse`, kenaka mulumikize, chifukwa mpweya wotere sudziwika kuti wayenda chambuyo. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: ngati muli tambala kapena belu la njinga chapatali, phokosolo lidzabwera mobwerezabwereza pa nthawi yofanana, ndipo womvera adzazindikira msanga kuti pali chigamba.

Anthu ena amayala mpweyawu pa mzere wachiwiri wa mawu mu Audacity kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pansi pa mawu onse. Ine sindichita zimenezo, chifukwa mawu a agogowo ali nawo kale mpweya wawo, ndipo ukawonjezera wina pamwamba phokoso limakwera ndi madesibelo pafupifupi 3 pamene akulankhula, n'kutsikanso pa mabowo paja. Bowo limakhala lachepa koma silinathe. Ndi bwino kuika chigamba pa bowo pokhapo, chipitirire pang'ono mbali zonse ziwiri kuti pakhale pophatikizira.

Tsopano za "tha!" uja. Mukakulitsa kwambiri chithunzi cha mawu pa sikirini, muona mzere wokwera ndi kutsika modutsa pa mzere wa pakati. Mukadula pamene mzerewo uli pamwamba n'kulumikiza ndi chidutswa chimene chikuyambira pansi, sipika imakakamizika kudumpha nthawi imodzi, ndipo kudumphako ndiko kumveka ngati kakhuni kathyoka. Mu Audacity, mukasankha gawo loti mudule, dinani `Z` musanalichotse, ndipo malire ake adzasunthira pamene mzere ukudutsa pakati. Izi zimagwira bwino pa mawu a mzere umodzi, koma pa sitiriyo nthawi zina zimalephera, chifukwa mbali ya kumanzere ndi ya kumanja sizidutsa pakati nthawi yofanana.

Njira yodalirika ndi yophatikiza zidutswazo, kuti china chizizilala pamene chinzake chikukwera. Sankhani kachigawo kakang'ono kodutsa pa mfundo, pamene zidutswazo zalumikizana, kenaka mugwiritse ntchito `Crossfade Clips`. Pofuna kupha "tha!" yekha, mamilisekondi 10 ndi okwanira, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi, ndipo khutu silimva kuti pachitika kanthu. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kutalikitsa kuphatikizaku, kumene timakutcha fedi, mpaka sekondi yathunthu pakati pa mawu, zimene zimachititsa kuti mawu omaliza amveke ngati akumira m'madzi, kapena kuti munthu mmodzi amveke akulankhula mawu awiri nthawi imodzi. Fedi yotalikirapo, ya kota ya sekondi kapena theka, malo ake ndi pamene mpweya ukukumana ndi mpweya, popanda mawu. Kumbukiraninso kuti `Crossfade Clips` imafupikitsa gawo limene mwasankhalo, choncho siyani kampata kokwanira kuti agogowo asamveke ngati akuthamangitsidwa.

Pali china chokhudza chiyankhulo chathu chimene mabuku a kunja sangakuuzeni. Mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, ndipo liwu lomalizalo limasiya kamchira m'chipinda, makamaka m'nyumba ya simenti yopanda siling'i. Mukadula pafupi kwambiri, mwadula kamchirako, ndipo ngakhale muikepo mpweya wabwino bwanji padzamvekabe kuti padutsa mpeni. Dulani kutsogolo, pafupi ndi poyambira mawu otsatira, ndipo ngati munthu anakoka mpweya asanalankhule, kupumako kusiyeni chifukwa kumabisa mfundo bwino kuposa fedi iliyonse. Komanso mvetserani kutsika kwa liwu: munthu akamamaliza chiganizo liwu limatsika, ndipo ngati mwamudula lili m'mwamba, womvera adzadikira mawu ena amene sabwera.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ku Matawale. Ndinacheza ndi bambo wina wachikulire, telala, m'chipinda chochezera momwe munalinso firiji. Tili mkati mocheza magetsi anazima, koma ine, poti rekoda inali ya mabatire, sindinalabadire. Nditafika pokonza, ndinafuna kulumikiza yankho la m'mphindi yachisanu ndi lina la kumapeto, chifukwa onse awiri ankanena za makina awo oyamba osokera. Loyamba linali ndi kung'ung'uza kwa firiji pansi pake, kwa mahetsi 50 a magetsi athu pamodzi ndi kunjenjemera kwa injini yake, pamene lachiwiri linalibe. Panalibe bowo, panalibe "tha!", koma chipinda chinkasintha pakati pa chiganizo ngati munthu watsegula chitseko n'kulowa m'nyumba ina.

Fedi yaifupi sinathandize, chifukwa vuto silinali pa mfundo. Ndinayesanso kuchotsa phokoso la firijilo ndi `Noise Reduction`, koma nditaikweza mokwanira kuti firiji isowe, mawu a bambowo anayamba kumveka ngati akulankhulira m'chitini. Chimene chinagwira ntchito chinali chosemphana ndi zimene ndinkaganiza: m'malo mochotsa firiji ku yankho loyamba, ndinaiwonjezera ku lachiwiri. Ndinapeza masekondi awiri a chete firiji ikulira, ndinawatalikitsa kufika masekondi asanu ndi limodzi, ndinawaika pa mzere wachiwiri kuyambira pa mfundo paja, kenaka ndinawazilalitsa pang'onopang'ono bambowo akulankhula. Khutu limagwira msanga chinthu chosintha mwadzidzidzi, koma chosintha kwa masekondi anayi kapena asanu pansi pa mawu limachilola kudutsa.

Pophatikiza mipweya iwiri yosiyana pa mizere iwiri, mudzaona kuti `Crossfade Tracks` ikukufunsani mtundu wa fedi. Mukasankha `Constant Gain`, pakati pa fediyo phokoso limatsika pang'ono, ndipo pamamveka kadzenje. Sankhani `Constant Power 1`, imene imasunga mphamvu yofanana kuchokera mbali ina kufika ina. Zofanana nazo zilipo m'mapologalamu ena okonzera makanema, ngakhale mayina amasiyana pang'ono.

Panatsala malo amodzi amene anandikanika, pamene ndinachotsa mphindi zingapo ndipo liwu la bambowo linali litasintha chifukwa anatsamira kumbuyo. Mwamwayi ndinali nditajambula makina awo opalasa ndi phazi akusoka. Ndinayamba kukweza phokoso la makinawo kutatsala sekondi imodzi kuti amalize chiganizo, ndinalisiya lokha kwa masekondi atatu, kenaka ndinalitsitsa mawu otsatira atayamba kale. Chinsinsi chake ndi chakuti phokosolo lidutse pamwamba pa mfundo, lisayambire kapena kuthera pomwepo, apo ayi likhala likuloza chala pamalo pomwe mukufuna kubisa. Womvera amangoganiza kuti papita nthawi pang'ono, ndipo amavomereza kuti liwu lasintha.

Komabe phokoso lowonjezera lili ndi malire ake. Likhale la pamalo pomwepo, ndipo likhale chinthu chimene nkhaniyo yatchula kapena ikhoza kutchula, monga mtondo, madzi akutsanulidwa mumtsuko kapena nkhuku za pabwalo. Phokoso lotengedwa pa intaneti limadziwika, chifukwa mbalame zake si za kuno, ndipo mvula yake simveka ngati ya Zomba ikamenya malata. Muziligwiritsanso ntchito kamodzi kapena kawiri pa nkhani yonse, chifukwa tambala wolira paliponse pamene pali mfundo amaulula yekha. Ndipo ngati kudulako kwasintha tanthauzo la zimene agogowo ananena, musabise ndi phokoso. Lowetsanipo mawu anu monga wowulutsa kuti womvera adziwe kuti mwadumpha.

Mukamaliza, valani mahedifoni, kwezani mawu kuposa mmene mumamvera nthawi zonse, mubwerere masekondi asanu mfundo isanafike, mutsinzine n'kumvetsera. Ngati mungathe kuloza pamene padulidwa muli chitsinzinire, dzifunseni kuti mwamva chiyani. Mukamva "tha!" ndiye kuti pakufunika fedi yaifupi, mukamva kuzima pakufunika chigamba cha mpweya, ndipo mukamva chipinda chikusintha pakufunika mpweya wa mbali imodzi upitirire n'kuzilala pansi pa mbali inayo. Kenaka muyeserenso pa sipika ya foni kapena pa kawailesi kakang'ono, poti ndi mmene amayi ambiri adzamvere pologalamuyo, ndipo ka "tha!" kamene kanabisala m'mahedifoni nthawi zina kamatulukira pomwepo.