Nyumba yodzaza koma mtima uli wokhawokha

"Ndili pabanja zaka 9, tili ndi ana atatu, ndipo timakhala ndi apongozi komanso mlamu wanga. Bambo a kunyumba sandimenya, samwa mowa, ndalama ya ndiwo amasiya. Kutchalitchi ndimayimba kwaya. Koma ndikagona usiku ndimamva ngati ndatsala ndekha padziko, mpaka misozi. Kodi ndi kusayamika, kapena chikondi chinatha? Ndichite chiyani?"

Mayi, si kusayamika, ndipo musafulumire kugamula kuti chikondi chinatha. Katswiri wina wa ku Amereka, Robert Weiss, anafotokoza mu 1973 kuti kusungulumwa kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina ndi kusowa gulu: anzako ocheza nawo, oyenda nawo kumaliro ndi kuzinkhoswe. Kwina ndi kusowa munthu mmodzi yemwe akudziwa zomwe zili mumtima mwako. Vuto ndi loti mankhwala a mtundu woyamba sachiza wachiwiri. Mutalowa magulu ena asanu, mudzabwerako mutaseka ndithu, koma pofika pa mphasa dzenje lija lidzakhala lilipobe.

Yambani ndi kuwerengera. Kwa masiku atatu, madzulo alionse, kumbukirani zomwe mwayankhulana ndi bambowo ndipo muziike m'milu iwiri. Mulu woyamba ndi woyendetsera nyumba: fizi, makala, mayunitsi a magetsi, mwana wakhosomola. Wachiwiri ndi wa zomwe wina waona, waganiza, waopa kapena zamuseketsa. Mabanja ambiri a ana aang'ono amapeza kuti mulu wachiwiri mulibe kanthu. Palibe anakangana ndi mnzake, kungoti anthu awiri anasanduka komiti yoyang'anira khomo.

Mulu wachiwiriwo sudzadza ndi nkhani zikuluzikulu. John Gottman, yemwe wakhala akufufuza za mabanja kwa zaka zambiri, anaona kuti okwatirana amaponyerana timawu ting'onoting'ono tofuna chidwi tsiku lonse. Atatsatira maanja ongokwatirana kumene kwa zaka 6, anapeza kuti omwe anali akadali limodzi ankalandira timawu ta anzawo pafupifupi ka 86 pa 100 paliponse, pomwe omwe anasudzulana ankatero ka 33 kokha. Timawu timeneti sitimveka ngati ta chikondi n'komwe. Bambo akalowa n'kunena kuti "feteleza wakweranso," kawirikawiri sakupereka lipoti la mitengo, akugogoda. Mukati "mmm" maso ali kunkhali, chitseko chatsekeka. Mukati "ndiye kumunda kwa amayi kuja titani chaka chino?" mwatsegula. Chimodzimodzi inu mukati "lero mutu wandivuta" iwo maso ali pafoni.

Pali msampha womwe ndikufuna muumvetse bwino, chifukwa ndi umene umakhalitsa vutoli. John Cacioppo wa ku yunivesite ya Chicago anaonetsa kuti munthu akasungulumwa nthawi yaitali, ubongo wake umakhala tcheru kusakasaka zizindikiro zoti akukanidwa, ngati mlonda yemwe akamva tsamba kugwa amati ndi wakuba. Tiyerekeze madzulo amodzi. Bambo afika cha m'ma 7 koloko, apereka moni wachidule, akhala pansi ndi foni. Mkazi mumtima akuti, "Sindine kanthu kwa iwo." Aika nsima osayankhula. Bambo aona nkhope yomangika, aganiza kuti pali mlandu, adya msangamsanga n'kupita kukaonera mpira. Mkazi uja wapeza umboni wa zomwe amaganiza, koma theka la umboniwo wadzipangira yekha osadziwa. Mudzazindikira kuti muli mumsamphawu ngati mumadziwiratu yankho lawo musanafunse, ndipo mwasiya kuwauza zinthu chifukwa "sangamve." Choncho ganizo lotere likabwera, lipatseni mafunso awiri: ndaona chiyani chenicheni ndi maso anga, ndipo pangakhale chifukwa china chiti? Mwina ndi ngongole, mwina kuntchito zavuta. Sindikuti nthawi zonse bambo ndi osalakwa. Ndikuti mufunse musanaweruze.

Tsopano kafunsidwe kake. Musayambe ndi mawu oti "bambo, tikhale pansi tikambirane." Kwa amuna ambiri mawu amenewa amanunkha bwalo la milandu, ndipo amafika atakonzeka kudziteteza. Musanenenso kuti "simundikonda," chifukwa adzakuwerengerani matumba a chimanga ndi fizi yomwe analipira, ndipo pa zimenezo adzakhala akunena zoona. Nenani zomwe mukusowa, ndipo pempho likhale laling'ono loti munthu angalichite lero: "Ndasowa macheza athu aja. Tikatha kudya, tiyeni tikhale panja pang'ono awiriwiri." Mphindi 15 zakwana, katatu pa sabata. Mafoni atsale m'nyumba, ndipo nkhani za ndalama ndi za ana zidikire nthawi ina. Malo ndi ofunika kwambiri pakhomo pomwe pali apongozi, popeza ulemu umafuna kuti mwamuna ndi mkazi wake azioneka ngati alendo pamaso pa akuluakulu. Ngati khonde silikupatsani mpata, perekezanani kugolosale. Anthu ambiri amamasuka poyenda moyandikana kusiyana ndi poyang'anizana. Yambani ndinu kutulutsa kanthu kamodzi koona, kosadzudzula aliyense: "Masiku ano ndikumawalota mayi anga." Kenaka funsani funso lomwe silingayankhidwe ndi "bwinobwino," monga "kuntchito ndani akukusowetsani mtendere?"

Masiku oyamba zidzakhala zouma, mwinanso zochititsa manyazi, ndipo ambiri amasiyira pomwepa. Pirirani masabata anayi musanaweruze. Chinanso chomwe chimasokoneza n'choti mukadandaula, bambo amathamangira kukonza: "Ndiye ndikupatse ndalama ukaone abale ako." Kwa iwo chimenecho ndi chikondi. Auzeni mosapsa mtima kuti, "Sindikufuna yankho, ndingofuna mundimve." Pakutha pa masabata anayi, musayang'ane ngati mwasanduka a pachibwenzi. Yang'anani ngati iwo ayambapo okha nkhani, kapena akumbukira chinthu chomwe munanena dzana.

Za ankhoswe, ine ndingati musayambire kumeneko. Ankhoswe amadziwa kuweruza pomwe pali cholakwa chooneka. Mukawauza kuti mukusungulumwa, funso lawo likhala loti "akumenyani? Sakugona pakhomo?" ndipo mubwerako mukuoneka ngati wovuta, bambo atachita manyazi pachabe. Chothandiza ndi kusankha mayi mmodzi yekha, mwina m'kwaya momwemo, wosayenda ndi nkhani za anthu. Muyeseni ndi kachinsinsi kakang'ono. Kakapanda kumveka kwina pakatha masabata awiri, onjezerani. Mwamuna mmodzi sangasenze zonse za mumtima mwanu. Koma chenjerani ndi mwamuna wina wa pafoni yemwe "amamvetsa": mukayamba kufufuta mauthenga ake, dziwani kuti zomwe zimayenera kupita kwa amuna anu zapeza njira ina.

Njira yonseyi ili ndi malire. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa mwakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, zomwe munkazikonda sizikukomanso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasintha, amenewo angakhale matenda a kukhumudwa, ndipo amabweranso mayi akangobereka. Macheza a pakhonde okha sangawachize. Pitani kuchipatala cha boma cha m'boma lanu mukafunse anamwino oona za matenda a maganizo, kapena kuchipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu ndipo mupite tsiku lomwelo. Ndipo ngati kukhala nokhaku kukuchokera poti mumaletsedwa kuona abale, foni yanu imafufuzidwa, kapena mumaopa kuyankhula, imeneyo ndi nkhanza ngakhale dzanja lisanakukhudzeni. Pamenepo musayambe ndi mphindi 15 zija, yambani ndi ofesi yothandiza ozunzidwa kupolisi kapena ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya m'boma lanu.