Mayi akufunika impso, ndipereke ine kapena bambo?

"Mayi anga ali pa dayalisisi ndipo adokotala akuti akufunika impso ina. Magazi anga ndi gulupu O, awo ndi B, bambo nawonso ndi B. Woyenera kupereka ndani? Nanga mankhwala adzasiya liti akachira?"

Achemwali, pa gulupu ya magazi nonse awiri mwadutsa, wa B amalandira kwa B komanso kwa O, za pozitivi kapena negetivi zija pa impso sizivuta. Koma musasangalale kaye, gulupu ndi khomo loyamba chabe.

Kenako amayeza HLA, tizizindikiro ta pa maselo tomwe munthu amatengera theka kwa mayi theka kwa bambo. Ndiye inu mukufanana ndi mayi theka basi, theka linalo ndi la bambo, ndipo vuto lingatulukire pomwepo. Mayi ali oyembekezera thupi lawo linakumana ndi tizizindikiro ta bambo kudzera mwa inu, mwa azimayi ena thupi limapanga asilikali olimbana nato ndipo siliiwala ngakhale padutse zaka zambiri, ndiye impso yanu kapena ya bambo ikhoza kukanidwa pa chifukwa chimodzimodzicho. Kuikidwa magazi nakonso kumadzutsa asilikali amenewa, n'chifukwa munthu wodikira impso samuika magazi mwachisawawa.

Chogamula ndi kolosimachi. Amasakaniza madzi a m'magazi a mayi ndi maselo oyera a woperekayo, ikatuluka pozitivi ndiye kuti asilikali aukira, impsoyo ikhoza kufa pasanathe ndi tsiku lomwe. Apa negetivi ndiye nkhani yabwino. Ngati mayi ali ndi achimwene kapena achemwali a bere limodzi akayezetse nawonso, pamakhala mwayi umodzi pa 4 woti afanane kotheratu. Woperekayo naye amamufufuza shuga, BP, HIV, matenda a chiwindi ndi mphamvu ya impso zake, ndipo ngati simunamalize kubereka muwauze adokotala.

Za mankhwalazo, palibe kusiya bola impsoyo ikugwira ntchito. Kuti thupi lisakane impsoyo, ambiri amamwa takirolimasi kawiri pa tsiku motalikana maola 12, kuphatikiza maikofenoleti ndi puledinisoloni. Tsiku loyezetsa mulingo wa takirolimasi asamwe wa m'mawa mpaka atatengedwa magazi, akamwa kaye zotsatira zimanama. Mankhwalawa akachepa m'thupi impso imakanidwa, akachuluka amaononga impso yomweyo ndipo manja amanjenjemera. Rifampisini wa TB amatsitsa kwambiri mulingowu pomwe kutsegula m'mimba kumaukweza, ndiye asamangomwa chilichonse osafunsa, ma bulufeni ndi daikilofenaki aiwale, azitsamba omwe.

Choopsa n'choti nthawi zambiri impso ikamakanidwa munthu samva kupweteka, kiliyatinini, zoipa za m'magazi zomwe impso imasefa, amangokwera mwakachetechete, amadziwika poyeza magazi basi. Ndiye asadumphe sikelo poti akupeza bwino. Akaona mkodzo wachepa, miyendo yatupa kapena thupi latentha athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, poti chitetezo chawo chimakhala chotsitsidwa dala ndipo kamatenda kakang'ono kamakula msanga.