Ufa woyera kapena mgaiwa, kodi kuchigayo timasiyako chani?

"Ine ndili kwa Santhe kuno ku Kasungu. Bambo akunyumba anawapeza ndi shuga ndipo kuchipatala anati tizidya mgaiwa, koma apongozi anga akuti nsima ndi nsima, mgaiwa ndi wa kusukulu ya bodingi ndi kundende. Kodi pokonola chimachokadi ndi chani? Kapena tikungodzizunza?"

Mayi, zikomo chifukwa cha imelo yanu. Musanawerenge zambiri tatengani njere imodzi ya chimanga, muiviike mmadzi usiku umodzi, mmawa muidule pakati ndi mpeni. Muona zinthu zitatu. Kunja kuli kachikopa kopyapyala kamene kamasanduka gaga, mkati muli choyera chambiricho chomwe ndi sitachi, nde chakumunsi kosongoka kuja kuli kamtima kofewa, kamene kamamera mukadzala. Kamtimako ndi kakang'ono, mwina gawo limodzi pa magawo 10 a njere yonse, koma mafuta ambiri a chimanga ali mmenemo, pamodzi ndi vitamini B1, vitamini E, zinki, ayironi ndi maginiziyamu wambiri ndithu. Mukaona njere zimene mbewa yadya munkhokwe mupeza kuti nthawi zambiri yangoboola pamtima pomwepo n'kusiya choyeracho.

Ndiye tikapita kukakonoletsa, chikopa chija ndi mtima uja ndi zimene zimapita kumadeya. Nchifukwa chake madeya akachimanga kabwino amamveka mafutamafuta mukawafinya mmanja, ndipo nkhumba ndi nkhuku zimanenepa nawo. Koma sizithera pomwepo ayi, mphale ija timaiviikanso masiku awiri atatu ena mpaka anayi kuti ifewe ndi kuwawasa pang'ono, nde mavitamini a gulu la B ndi michere ina zimasungunuka mmadzi, zimatuluka n'kulowa mmatsukwa amene timakataya kuseri kwa nyumba aja. Tikatsuka, kuyanika pamphasa, kugayitsa, kuyanikanso, chimene chatsala ndi ufa wokongola woyera mbee koma mbali yaikulu ndi sitachi basi. Mphamvu zogwirira ntchito umapereka ndithu, pulotini nayenso satha yense, koma zina zija zachepa kwambiri. Giramilu ali pakatikati, wakonoledwa koma sanaviikidwe, ndiye zamatsukwa zija sataya.

Chimene anthu ambiri sawerengera ndi kuchuluka kwa ufawo. Ine chaka chatha ndinayesa ndekha ndi sikelo ya ovenda mtedza. Thumba la 50 kg nditagayitsa mgaiwa linandipatsa 48 kg ndi kanthu, lina lachimanga chomwecho nditakonola, kupeta, kuviika ndi kugayitsa linabwera 32 kg. Ndiye tiyerekeze banja lanu limakonola matumba 10 a chimanga pachaka kupanga ufa woyera, ufa weniweni wolowa mumphika ndi 320 kg, pomwe ufa womwewo mukanaupeza pa matumba osakwana 7 a mgaiwa. Matumba atatu amenewo ndi amene amasowa mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi imene ena amabwerera kuchigayo kukagula madeya omwe anasiya mu Julaye. Chimanga chamakolo cholimba chija chimataya pang'ono pokonola, cha haibulidi chofewa chimanyenyeka kwambiri n'kupita ndi gaga. Ngati madeyawo mumabwera nawo kunyumba kudyetsa nkhuku n'kumadya mazira, bola, sanatayike onse, koma ambirife timawasiya konko.

Tsono kodi zili ndi kanthu? Zimatengera chimene chili pambali pa nsimayo. Munthu amene lero wadyera nyemba, mawa usipa, mkuja nkhwani wotendera, mazira, kanyama apa ndi apo, zimene zinapita kumadeya akuzipeza kundiwo ndipo ufa woyera sungamuvulaze. Koma pakhomo pamene mbale ndi mitanda itatu ndi timasamba ta mpiru tamadzimadzi tsiku ndi tsiku, nsimayo ndiye chakudya chonse, ndipo apa kusiyana kwake ndi kwenikweni, makamaka kwa ana ndi mayi oyembekezera. Phala la mwana la ufa woyera ndi shuga basi limandimvetsa chisoni kwambiri, mwana amakhuta koma thupi silinalandire chomukulitsa. Phala likhale la mgaiwa, muthiremo nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, makapu anayi a chimanga kapu imodzi ya soya monga mmene amapangira Likuni Phala.

Ndinene chilungamo kuti mgaiwa si mankhwala. Pa nkhani ya abambowo, gaga uja amathandiza kuti chakudya chisathamange kwambiri mmimba, munthu amakhuta nthawi yaitali komanso kudzimbidwa kumachepa, nchifukwa chake achipatala anakuuzani choncho ndipo sananame. Koma mgaiwa nawonso ndi sitachi wambiri, akadya mitanda inayi ya mgaiwa shuga akwera ndithu, kuposa mtanda umodzi ndi theka wa ufa woyera. Ndiye muyang'ane kukula kwa nsima, ndiwo zamasamba zichuluke mpaka theka la mbale, nyemba kapena nsomba zikhalepo, mankhwala asasiye, ndipo akapita kukayezetsa shuga muzilemba manambala mukope kuti muone nokha ngati zikusintha.

Chinanso, vitamini B3 amene ali mchimanga ndi womangika, thupi limalephera kumutenga ngakhale mudye mgaiwa. Akasowa pamabwera matenda a pelagira, khungu limada n'kumasupuka ngati lapsa, mkhosi ndi kunja kwa manja komwe kumawomba dzuwa, kutsegula mmimba, mutu kusokonekera. Mu 1990 anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique anadwala matenda amenewa kuno ku Malawi mtedza utasiya kufika mmakampu. Ife a Kasungu ndi Mchinji mtedza timalima tokha, ndiye chonde musagulitse wonse kwa mavenda, musiyeko wotendera ndiwo.

Apongozi anunso pena ali ndi mfundo ngakhale sanaitchule. Chuku chimene chimagwira chimanga chosauma bwino chimasiya poizoni, wina amamutcha afulatokisini ndipo amawononga chiwindi, nde poizoni ameneyu amachuluka kuchikopa ndi kumtima komweko. Kukonola ndi kuviika kumachotsako wambiri, pomwe mgaiwa mumagaya zonse pamodzi, ndipo kuphika sikumupha. Choncho chimanga chopangira mgaiwa chikhale chouma gwa, choti mukaluma njere ithetheke, mupete ndi kusankha pa lichero, zowola, zakuda, zobiriwira, zofumbwa zonse zichoke. Ngati thumbalo linanyowapo kapena likununkha chinyontho musapange mgaiwa, ndipo lowola kwambiri musadye n'komwe. Ngati munathiramo mankhwala a anankafumbwe aufa aja, dikirani nthawi imene inalembedwa pabotolo, kenako mupete bwinobwino, mutsuke, muyanike chiume musanagayitse.

Mafuta amumtima aja ndi amenenso amachititsa kuti mgaiwa usakhalitse. Nyengo yotentha ya Okutobala pakangotha masabata ochepa umayamba kununkha ngati mtedza wakale ndipo nsima yake imawawa kukhosi, ambiri amene amadana ndi mgaiwa anadya woterowo kusukulu. Muzigayitsa ndowa imodzi yokwana sabata ziwiri, muuyanike uzizire musanauike mchidebe, ndipo muwauze akuchigayo aike sefa yosalala.

Kunyumba kwathu tinayamba ndi kusakaniza, makapu awiri a ufa woyera kapu imodzi ya mgaiwa, patapita mwezi tinayamba kusakaniza theka ndi theka. Phala lake lizithakatha nthawi yotalikirapo musanayambe kuthira ufa chifukwa mgaiwa umachedwa kupsa. Abambowo muwaphikire wawo mkapoto kakang'ono kuyambira lero, apongoziwo apatseni wosakanizawo kaye.