Diskashoni ikamangodumphadumpha

"Achimwene, supavaiza wandibwezera chaputala 5, akuti diskashoni yanga ikungodumphadumpha. Risechi yanga ndi ya atsikana osiyira sukulu panjira kusekondale yoyendera, ndapeza zitatu: mimba, mtunda wautali, ndi selofu bodingi. Ndilumikize bwanji?"

Chemwali, ndisanaone n'komwe pepala lanulo ndikudziwa mmene ndime zanu zikuyambira. "Chopezeka choyamba ndi mimba." "Chopezeka chachiwiri ndi mtunda." Apo mwangotchula mutu basi, simunanene kanthu, ndiye ndime yotsatira ikusowa poti igwire. Chiganizo choyamba cha ndime chizinena mfundo yoti munthu atha kukutsutsani nayo, kenako zonse za m'ndimemo, zomwe anakuuzani atsikana aja, zomwe anapeza anzanu omwe analemba kale, zizibwera kudzaiikira kumbuyo mfundo imeneyoyo.

Komanso musakakamire dongosolo la mafunso a pa kweshoneya. Pa zitatu zanuzo dzifunseni kuti chikuyambitsa chinzake n'chiti. Ine ndingayambe ndi mtunda, mimba ndingaike kumapeto. Zitsanzozi mukazitembenuzira nokha m'Chingerezi.

Ndime yoyamba: "Kutalika kwa mtunda kumawatopetsa atsikana kalasi isanayambe n'komwe."

Yachiwiri: "Pothawa mtunda umenewu, makolo amawachitira ana lendi pafupi ndi sukulu, koma kumeneko kulibe wamkulu wowayang'anira."

Yachitatu: "Kusowa wowayang'anira kumeneku, pamodzi ndi kuvuta kwa ndalama ya lendi ndi ndiwo, n'komwe atsikana ankakutchula pofotokoza za mimba."

Mwaona? Chiganizo chilichonse chikuyamba ndi chinthu chomwe wowerenga wangochimva kumene, mtunda umenewu, kusowa kumeneku, ndiye chatsopano chikubwera kumapeto, ndipo chatsopanocho ndi chomwe ndime yotsatira iyambire. Kulumikiza kwenikweni ndi kumeneko. Zoyamba ndime iliyonse ndi "kuwonjezera apo" zija ine zimanditopetsa, mawu amenewo amangotanthauza kuti nachi china, sakutiuza kuti chikugwirizana bwanji ndi chapitacho.

Chenjerani ndi "choncho" ndi "chifukwa cha ichi". Ngati munangocheza ndi atsikana ochepa pasukulu imodzi simunatsimikize kuti selofu bodingi ndiyo imabweretsa mimba, lembani kuti zikuoneka choncho kapena kuti iwo eni ake anatero, apo ayi ekisitenolo, woyesa risechi wochokera kunja kwa sukulu yanu, akufunsani umboni. Ndipo ngati alipo ena okhala pafupi ndi sukulu omwe anasiyanso, musawabise, apatseni ndime yawo yoyamba ndi "koma mtunda sukufotokoza zonse".

Musanatumizenso, koperani chiganizo choyamba cha ndime iliyonse pa peji yopanda kanthu muwerenge mokweza. Zizimveka ngati nkhani imodzi. Mukaona kuti mutha kusinthanitsa ziganizo ziwiri popanda chosokonekera, pakati pa ziwirizo ndi pomwe supavaiza wanu anasochera, yambani kukonza pamenepo.