Chimene timayang'ana m'buku musanalandire mankhwala

"Mwana wanga wa miyezi 9 anatentha thupi, adokotala anamuona n'kulemba mankhwala m'buku. Nditafika pawindo lolandirira mankhwala, mnyamata wa pamenepo anandifunsa mafunso ambirimbiri, anatibweza kusikelo, kenako ananyamula bukulo n'kupita nalo kwa adokotala ine nditangoima. Kodi iyeyo amaona chiyani chimene adokotala sanaone? Si kudzikuza kumeneku?"

Mayi, mawu akuti kudzikuza andilasa, chifukwa ndawamva kangapo ndili kuseri kwa windo limenelo, ndipo tsiku limene ndinafuna kuwapewa ndi lomwe ndinalakwitsa ntchito. Mundilole ndiyambe ndi tsiku limenelo.

Chinali chaka changa chachiwiri pa ntchito yopereka mankhwala, pa chipatala china cha boma, m'nyengo ya dzinja pamene malungo amadzaza mabenchi onse. Panafika gogo wina ndi buku la mdzukulu wake. Magazi anali atasonyeza malungo, ndipo wolemba mankhwala analemba LA, piritsi limodzi kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, pambali n'kuika kulemera kwa mwana, makilogalamu 13. Zonse zinkagwirizana. LA, amene dziko lathu linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, amaperekedwa motsata sikelo osati zaka: mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi nthawi iliyonse, wa 15 mpaka 24 amamwa awiri, wa 25 mpaka 34 atatu, ndipo kuyambira 35 munthu amamwa anayi. Ndinatenga paketi ya mapiritsi 6, ndinawafotokozera agogo kuti lachiwiri amwetse pakatha maola 8 ndiponso kuti mwana azidya kaye, iwo n'kuthokoza n'kumapita. Mwanayo sindinamuone. Anali atagona pabenchi panja, atafunda chitenje, ndipo ine sindinafunse kuti ali kuti chifukwa mzere unali utafika pakhonde.

Patatha milungu iwiri anabwereranso, thupi likutentha, ndipo pagalasi la labotale tizirombo tinaonekabe. Ulendo uno anabwera naye pawindo, ndipo nditangomuona mtima unagunda, pakuti anali mnyamata wa zaka zinayi ndi theka, wamtali ndithu. Sikelo inati makilogalamu 17. Nditatsegula masamba akale a buku ndinapeza pamene panachokera 13 uja: anamuyeza pafupifupi zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo tsiku la mzere wautali lija wina anangokopera nambalayo. Mwana woyenera mapiritsi 12 ndinamupatsa 6. Mnzanga wina ananditonthoza kuti mwina udzudzu unamulumanso, ndipo zimenezo zimachitikadi, koma sizisintha kuti theka la mankhwala linatuluka m'manja mwanga. Kupereka ochepa ndi kulakwa koipa chifukwa sikuchita phokoso. Mwana amaoneka wachira, akusewera, kenako matenda amadzukanso, ndipo palibe amene amakumbukira windo la mankhwala.

Kuyambira pamenepo maganizo anga anauma, ndipo sindipepesa. Nambala ya sikelo imene ilibe deti lalero sindiikhulupirira, kaya walemba ndani. Buku la mwana amene sindikumuona ndi maso sindiperekera mankhwala. Anthu ena amaganiza kuti ntchito yathu ndi kuwerenga mapiritsi n'kuika m'kathumba, ndipo ngakhale anzathu ena a m'zipatala amatiyesa ogulitsa m'golosale, koma wolemba mankhwala amaona odwala ochuluka kwambiri pa tsiku, maganizo ake ali pa kupeza matenda, pamene ife maganizo athu ali pa mankhwala okha. Sitiposa dokotala nzeru. Timangoima pamalo pomwe cholakwa chingagwidwe komaliza chisanalowe m'kamwa mwa munthu.

Tsono ndikuonetseni masamu amene amachitika m'mutu mwathu, ndi chitsanzo cha mwana wa msinkhu ngati wa wanuyo, wolemera makilogalamu 8. Tinene kuti m'buku mwalembedwa motere:

```
PCM syr 10ml tds x 3/7
```

Mzerewu ukutanthauza panado wamadzi, mamililita 10, katatu pa tsiku, kwa masiku atatu. Munthu wothamanga angangotenga botolo, koma mamililita paokha sanena kanthu mpaka utadziwa mphamvu ya zimene zili m'botolomo. Panado wa ana amene timakhala naye kawirikawiri ali ndi mamiligalamu 120 m'mamililita 5 alionse, kotero mamililita 10 ndi mamiligalamu 240. Mlingo wovomerezeka supitirira mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse nthawi imodzi, ndipo 15 kuchulukitsa ndi 8 ndi 120, amene ndi mamililita 5 okha. Zolembedwazo ndi kawiri mlingo woyenera. Nthawi imodzi yokha mwina sizingavulaze, koma katatu pa tsiku kwa masiku atatu, mwana akudwala ndiponso sakudya bwino, chiwindi chimatha kuwonongeka, ndipo choopsa n'chakuti tsiku loyamba sipaoneka chizindikiro chodziwika. Ndiye chifukwa chake timafunsanso ngati kunyumba mwamupatsa kale china, popeza mankhwala ambiri a chimfine ogula m'sitolo ali ndi panado m'kati, ndipo mayi angamwetse onse awiri osadziwa kuti akubwereza chinthu chimodzi.

Zikatere sindikhwatcha 10 n'kulemba 5 ndekha, ngakhale masamu anga ndikuwakhulupirira. Kusintha zimene zalembedwa ndi udindo wa amene analemba. N'kutheka kuti iye anali ndi chifukwa chimene sindikuchidziwa, n'kuthekanso kuti cholakwika ndi nambala ya sikelo osati mlingo, kapena kuti buku ndi la mkulu wake wa mwanayo, chinthu chomwe chimachitika pamene mayi wanyamula mabuku a ana atatu m'chikwama chimodzi. Choncho mwana amabwerera kusikelo, ine ndimanyamula buku kupita kwa wolemba, iye amakonza n'kusaina, ndipo ndikabwerera ndimawerengetsa kuchuluka kwake: mamililita 5 katatu pa tsiku kwa masiku atatu ndi mamililita 45, kotero botolo limodzi likwanira ndipo otsala asamwetsedwe mwachisawawa. Ndimanyamula buku ndekha chifukwa ndikatuma kholo uthenga umafika utapindika, ndipo nthawi zina umafika ngati chipongwe.

Pa nkhani ya mphamvu ya botolo, amokisilini wamadzi ndiye amandisowetsa tulo. Amabwera wa mitundu iwiri, wa mamiligalamu 125 ndi wa 250 m'mamililita 5, ndipo mabotolo ake nthawi zina amafanana ngati mapasa. Wolemba akazolowera mtundu umodzi amangolemba mamililita, osadziwa kuti mwezi uno kunkhokwe kwabwera mtundu winawo. Ndimakhulupirira kuti aliyense wolembera mwana mankhwala amadzi ayenera kulemba mamiligalamu, ndipo amene amakwiya ndikamufunsa kuti amatanthauza botolo liti akukwiyira munthu wolakwika.

Zolemba pamanja nazo zili ndi misampha yake. Zilembo za `od`, `bd`, `tds` ndi `qid` zimatanthauza kamodzi, kawiri, katatu ndi kanayi pa tsiku, ndipo cholembera chikathamanga `od` ndi `bd` sizisiyana kwenikweni. Kadontho ka pakati pa manambala ndiko koopsa kopambana: `1.0` amawerengeka 10 kadonthoko kakafufutika, ndipo `.5` amasanduka 5, kulakwa kochulukitsa kakhumi. Palinso mayina oyandikana, monga kabamazepini wa khunyu ndi kabimazolo wa chithokomiro. Apa chimene chimatipulumutsa ndi dzina la matenda lolembedwa pamwamba, chifukwa mankhwala ayenera kuyankha matendawo. Ngati munthu wa khunyu walembedwera chimene chikuoneka ngati mankhwala a chithokomiro, sindiyerekeza kulosera. Lamulo langa n'lakuti chilembo chimene ndiyenera kuchilingalira ndiye kuti sindinachiwerenge.

Mafunso ambirimbiri aja

Sitifunsa pofuna kucheza. Dzina timafuna kuti mulitchule nokha, pakuti tikafunsa kuti "Ndinu a Banda?" munthu wotopa kapena wosamva bwino amangoti inde, ndipo pamzere umodzi a Banda angakhalepo anayi. Timafunsa ngati mankhwala ena anamuyambitsapo zidzolo, kutupa kapena kubanika, chifukwa amene penisilini anamudana sayenera kulandira amokisilini, ndipo amene bakitirimu anamusupula khungu sayenera kumuonanso. Kwa akuluakulu timafunsa za pakati, popeza dokisisaikilini saperekedwa kwa mayi woyembekezera, komanso za mankhwala amene akumwa kale. Rifampisini wa chifuwa chachikulu amafulumizitsa chiwindi kuchotsa mankhwala ena m'thupi, kotero munthu womwa rifampisini amene alinso pa ma ARV okhala ndi dolutegilaviya amafunika piritsi lowonjezera la dolutegilaviya la mamiligalamu 50 pakatha maola 12, ndipo ngati m'buku mulibe, timabweza. Pamene takayika za mlingo timatsegula buku la malangizo a kaperekedwe ka mankhwala la Unduna wa Zaumoyo, ndipo kutsegula buku pamaso pa wodwala si manyazi.

Zapapepala zikatha timayang'ana ntchito ya manja athu omwe. Dzina ndi mphamvu pa chitini ndimawerenga katatu: pochitenga pashelefu, powerenga mapiritsi, ndi pochibwezera. Ndimaona deti lothera ntchito, ndimaona ngati mapiritsi sanasinthe mtundu kapena kunyowa, kenako ndimayerekeza zimene ndalemba pakathumba ndi zimene zili m'buku, osati ndi zimene ndikukumbukira. Pakakhala mnzanga pafupi, mankhwala a ana ndimamuonetsa kuti awerengetse payekha ndisanamuuze yankho langa. Pomaliza ndimapempha kholo kuti libwereze malangizo m'mawu akeake, ndipo pamenepo ndi pomwe ndimamva kuti ena amayezera pa supuni ya tiyi ya kunyumba, imene kukula kwake kumasiyana nyumba ndi nyumba.

Ulendo wina mukamapita, Mayi, bwerani naye mwana pawindo, onetsetsani kuti sikelo yalembedwa ndi deti la tsikulo, ndipo nyamulani botolo lililonse limene mwamumwetsa kale kunyumba. Musanachoke funsani dzina la mankhwala, mamililita angati, kangati pa tsiku ndi masiku angati, ndipo pemphani kuti akusonyezeni mzere wake pa kakapu koyezera kapena pa sirinji. Botolo limene munalandira tsiku lija, ngati mukadali nalo, yerekezani mamililita olembedwa pamenepo ndi amene ali m'buku; ngati adokotala anasintha mlingo, mudzapeza nambala yokhwatchidwa ndi siginecha yawo pambali pake.