Ya 10000mAh siidzaza foni yanu kawiri

"Abale, batire la foni yanga ndi la 5000mAh. Ndikagula pawabanki ya 10000mAh ndizitchaja kawiri eti?"

Ayi achimwene, kamodzi ndi kapang'ono pamwamba, basi. Ine zinandionekera, ndikakumbuka mtima umawawabe.

Ndinagula ina yolembedwa 30000mAh, yolemera bwino m'manja, wogulitsa akulumbira kuti sabata yonse sindiyandikira soketi. Foni yanganso ndi ya 5000mAh. Inadzaza kamodzi, kachiwiri inalekera panjira, timagetsi tonse thi! Ndinati mwina poti ndi yatsopano. Usiku wina ndinailumikiza ku foni n'kuika zonse pansi pa pilo. Ndinadzidzimuka pakati pa usiku ndi kafungo ngati ka mankhwala ochotsera utoto m'zikhadabo, pilo ali juu kutentha. Kuvundukula, pawabanki yatupa ngati chule, pulasitiki yang'ambika m'mbali, yosagwirika. Ndinaikankha ndi nsapato mpaka panja pasimenti, manja akunjenjemera, mwana ali mtulo pabedi lomwelo. Kutacha ndinasuzumira pong'ambikapo: mabatire awiri okha ndiwo anali ndi mawaya, enawo akutuluka mchenga. Kubwerera kwa munthu uja, akuti "munaitchaja molakwika". Molakwika bwanji? Mchengawo ndinathiramo ndine? Anthu ena alibe manyazi ndithu.

Koma ngakhale yeniyeni siipereka zonse zolembedwazo. 10000mAh ija amawerengera pa 3.7V ya mabatire a m'kati, ndiye kuti mphamvu yonse yosungidwamo ndi 37Wh. Potuluka pa USB moto umakwezedwa kufika pa 5V, apo yatsala 7400mAh, ndipo wina umatayika ngati kutentha. N'chifukwa chake kuseri kwa zabwinozo, m'timalemba ting'onoting'ono, mumapeza "Rated capacity" ya cha m'ma 6000mAh. Mufoni moto umatsitsidwanso kuti ulowe m'batire, winanso n'kutayika. Batire lanulo limafuna pafupifupi 19Wh, ndipo pa 37Wh ija zofika m'batire ndi cha m'ma 26Wh. Mwaona? Kamodzi, kenaka mwina kupitirira pang'ono 30 peresenti. Mukamaonera mavidiyo ikutchaja, ngakhale 30 yoyo simuiona.

Mukufuna kawiri, tengani ya 20000mAh, imadzaza kawiri n'kutsalako. Ngati foni yanu imatchaja mwachangu, onani kuti palembedwa PD kapena QC monga pachaja yanu, ndipo chingwe chikhale chabwino, apo ayi muzidikira maola.

Muziinyamulanso m'manja musanalipire. Ya 20000mAh yeniyeni imalemera cha m'ma 400g, yopepuka ngati bokosi la machesi ndi bodza. Inde, yanga ija inali yolemera chifukwa cha mchenga, komabe muziinyamula ndithu. Pansi pa pilo ayi, padzuwa kapena m'galimoto yotseka ayi, ikayamba kutupa musaiboole kapena kuitchajanso. Ine yatsopanoyi ndimaisiyabe pamoto usiku, sindinama, koma pasimenti, kutali ndi bedi.